Mmene ogwira ntchito m'boma angaletsere lamya za m'manja kusintha mayina ndi mawu a Chichewa

LILONGWE — Ogwira ntchito m'boma ambiri amene amatumiza mauthenga a ntchito pa lamya za m'manja amakumana ndi vuto loti lamyayo imasintha yokha mayina a anthu, mayina a malo ndiponso mawu a Chichewa n'kuikapo mawu a Chingerezi omwe wolembayo sanawafune.

Vutoli limaoneka laling'ono pamene anthu akungocheza, koma limakula uthengawo ukakhala wa ntchito. Dzina la munthu likalakwika pa mndandanda womwe ukupita ku likulu, silifanananso ndi lomwe lili pa chiphaso cha unzika, ndipo mwini dzinalo angathe kubwezedwa pa zinthu zomwe amayenera kulandira. Dzina la mfumu likalakwika pa uthenga woitanira msonkhano, wolembayo amaoneka wopanda ulemu ngakhale kuti cholakwacho sichinali chake.

Komabe vutoli lili ndi mankhwala ake. Mayina a anthu ndi a malo amafunika kuwalemba mu mndandanda wa mawu wa mwini lamya. Mauthenga athunthu a Chichewa amafunika kuonjezera chiyankhulocho pa kiyibodi. Kuzimitsiratu mbali yomwe imakonza mawu ndi njira yomaliza, pamene ziwiri zoyambazo zalephera.

Chifukwa chimene lamya imasinthira mawu

Kiyibodi ya pa lamya ili ndi mndandanda wa mawu a chiyankhulo chimene inatcheredwa, ndipo pa lamya zambiri zimene zimagulitsidwa m'dziko muno chiyankhulocho ndi Chingerezi. Munthu akamaliza kulemba liwu n'kudina batani lalitali losiya mpata, kiyibodiyo imayerekeza liwulo ndi mawu omwe ili nawo. Liwulo likapanda kupezeka, imaganiza kuti chala chaterereka, choncho imafufuza liwu la Chingerezi loyandikana nalo n'kuliika m'malo mwake.

Pofufuzapo imayang'ana kwambiri zilembo zimene zili moyandikana. Mwachitsanzo, zilembo a ndi s zakhala mogundana pa mzere wapakati wa kiyibodi. N'chifukwa chake dzina loti Banda lingasanduke `Bands`, popeza kiyibodiyo ikuona ngati wolembayo amafuna kudina s koma chala chagwera pa a. Momwemonso n ndi m n'zoyandikana pa mzere wapansi, kotero Neno angasanduke `Nemo`. Dowa angasanduke `Down` kaamba koti zilembo zitatu zoyambirira zikufanana ndipo liwu la Chingerezilo limalembedwa kawirikawiri.

Izi zikusonyeza kuti mayina aafupi ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu. Dzina lalitali ngati Chiradzulu lilibe liwu la Chingerezi lofanana nalo, motero kawirikawiri limasiyidwa mmene lalembedwera. Koma Tembo, Moyo, Lungu ndi Zomba amasiyana pang'ono chabe ndi mawu odziwika a Chingerezi.

Nkofunikanso kusiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi mbali imene imasintha liwu yokha, yomwe pa lamya imalembedwa kuti `Auto-correction`. Chachiwiri ndi kamzere ka pamwamba pa zilembo komwe kamaonetsa mawu oti munthu asankhepo. Kamzereka sikasintha kanthu pokhapokha munthu atadina limodzi mwa mawuwo. Chachitatu ndi mzere wofiira umene umaoneka kunsi kwa liwu losadziwika, womwe ndi chenjezo chabe. Chimene chimaononga mayina ndi choyambacho, ndipo munthu angathe kuthana nacho osakhudza zinazo.

Kubweza liwu nthawi yomweyo

Njira yachangu ndiyo kubweza liwu lisanapite patali. Pa Gboard, kiyibodi ya kampani ya Google yomwe imapezeka pa lamya zambiri za Android, munthu akaona kuti liwu lasinthidwa amangodina kamodzi batani lofufutira asanalembe china chilichonse, ndipo liwu lake loyamba limabwerera. Izi zikapanda kuchitika, ndiye kuti chosankha chotchedwa `Undo auto-correct on backspace` n'chozimitsa ndipo chikufunika kuyatsa.

Pa iPhone, kuyambira ndi iOS 17 yomwe inatuluka mu 2023, liwu lomwe lasinthidwa limakhala ndi mzere kunsi kwake kwa kanthawi kochepa. Munthu akadina liwulo amaona lomwe analemba poyamba n'kulisankha. Pa kiyibodi ya Samsung, kamzere ka pamwamba kamaonetsa kachizindikiro kochongera, ndipo kudina pamenepo kumauza lamya kuti liwulo likhale mmene lalembedwera.

Munthu akabweza liwu lomwelo kangapo, kiyibodi imayamba kulizolowera. Koma kuphunzira kotereku sikodalirika pa mayina a ntchito. Dzina limene limalembedwa kamodzi pa mwezi silizolowereka msanga, ndipo zonse zimene kiyibodi yaphunzira mwa njira imeneyi zingatayike lamya ikakonzedwa kapena ikasinthidwa.

Kulemba mayina mu mndandanda wa mwini lamya

Njira yokhalitsa ndiyo kulemba mayinawo mwadala mu mndandanda umene kiyibodi imasungira mwini lamya. Chitsanzo chabwino ndi cha mlembi wa ku khonsolo ya boma la Dowa amene amatumiza mauthenga oitanira mafumu akuluakulu ku misonkhano pogwiritsa ntchito lamya ya Android yokhala ndi Gboard.

Asanakhudze lamya, mlembiyo ayenera kulemba pa pepala mayina amene amawagwiritsa ntchito nthawi zonse. Ku Dowa mayina otere ndi monga Dowa mwiniwakeyo, Mponela, komanso mayina a ufumu a Msakambewa, Chiwere, Dzoole, Kayembe, Chakhaza ndi Mkukula. Kalembedwe kake akatenge pa makalata ovomerezeka a khonsolo osati pamtima, popeza dzina limene lalowa molakwika mu mndandandawu lidzatuluka molakwika tsiku lililonse.

Kenaka atsegule malo alionse olembera uthenga kuti kiyibodi ioneke, adine kachizindikiro kooneka ngati gudumu lamano komwe kali pa kamzere ka pamwamba, n'kutsata njira iyi:

```
Dictionary > Personal dictionary > All languages > +
```

Pamenepo pamatuluka mizere iwiri. Pa mzere woyamba alembe dzinalo, kuyamba ndi chilembo chachikulu, mwachitsanzo Msakambewa. Mzere wachiwiri ndi wa chidule ndipo angathe kuusiya wopanda kanthu. Akabwerera m'mbuyo, dzinalo limaoneka pa mndandanda, ndipo adinenso `+` kuti alembe lotsatira. Mayina 8 amenewa angathe kulowa onse m'mphindi zochepa.

Kusankha `All languages` nkofunika. Mlembiyo akaika mayinawo pansi pa Chingerezi chokha, kiyibodi idzawadziwa pokhapokha pamene ili pa Chingerezi, ndipo tsiku limene adzaonjezere chiyankhulo china mayinawo sadzatsatira.

Akamaliza ayese ntchito yake. Alembe Dowa n'kudina batani losiya mpata. Dzinalo likakhala mmene lilili, ndiye kuti zatheka. Alembenso zilembo zinayi zoyambirira za Msakambewa, ndipo dzina lonse liyenera kuoneka pa kamzere ka pamwamba. Likapanda kuoneka, chifukwa chofala n'chakuti lamyayo ili ndi makiyibodi awiri, ndipo imene akulembera si imene waiphunzitsa. Mndandanda wa Gboard suthandiza kiyibodi ya Samsung, ndipo wa Samsung suthandiza Gboard.

Mzere wa chidule uja umathandiza pa mayina aatali. Mlembiyo akaika `msk` ngati chidule cha Msakambewa, zilembo zitatuzo zidzabweretsa dzina lonse pa kamzere ka pamwamba kuti alidine. Chofunika kusamala n'chakuti chidule chisakhale liwu limene munthu amalemba masiku onse. Wina akaika `ndi` ngati chidule cha Ndirande, adzavutika pa chiganizo chilichonse cha Chichewa, makamaka pa iPhone pomwe chidule chimasanduka liwu lonse chokha munthu akangodina batani losiya mpata.

Pa iPhone mndandanda wotere umapezeka motere:

```
Settings > General > Keyboard > Text Replacement > +
```

Dzina limalembedwa pa mzere wa `Phrase`, mzere wa `Shortcut` n'kuusiya wopanda kanthu, kenaka kudina `Save`. Kuchokera pamenepo lamya imaleka kulisintha dzinalo. Pa lamya za Samsung, zosankha za kiyibodi zili pa `Settings`, kenaka `General management`, kenaka `Samsung Keyboard settings`, ndipo zidule zimalembedwa pa `Text shortcuts`.

Mayina a anthu ali ndi njira inanso. Makiyibodi amenewa amatha kuwerenga mayina amene asungidwa pamodzi ndi manambala a lamya. Pa Gboard munthu amayatsa `Suggest contacts` n'kuvomera kuti kiyibodi ione mayinawo. Choncho wogwira ntchito amene amasunga anzake ndi mayina awo enieni, olembedwa bwino, amakhala waphunzitsa kale kiyibodi yake. Amene amasunga munthu kuti Abwana kapena Wagalimoto sapindula ndi njirayi.

Pamene mndandandawu umalekezera

Mndandanda wa mwini lamya umagwira bwino pa mayina chifukwa dzina silisinthasintha. Mawu ena a Chichewa sali choncho. Kiyibodi imaona liwu lililonse ngati chinthu chathunthu ndipo siidziwa kuti ndikupita, tikupita, adzapita, sanapite ndi akadzapitanso onse achokera ku tsinde limodzi. Munthu amene waiphunzitsa ndikupita sanaiphunzitse tikupita. Popeza mneni m'modzi wa Chichewa angalembedwe m'njira zambirimbiri malinga ndi amene akuchita, nthawi ndiponso amene akuchitiridwa, palibe amene angalembe mawu onsewo pamanja.

Mankhwala ake ndi kuonjezera chiyankhulocho pa kiyibodi. Pa Gboard njira yake ndi iyi:

```
Languages > Add keyboard
```

Pa malo ofufuzira munthu alembe `Nyanja` kapena `Chichewa`, poti mapulogalamu ena amagwiritsa ntchito dzina loyambalo ndipo ena lachiwirilo. Kiyibodi ya SwiftKey, yomwe mwini wake ndi kampani ya Microsoft, nayonso imalola kuonjezera ziyankhulo pa `Languages`. Chiyankhulo chikalowa, munthu amasintha kuchoka ku Chingerezi kupita ku Chichewa pogwira batani losiya mpata kwa kanthawi kapena podina kachizindikiro ka dziko lapansi. Dzina la chiyankhulo chimene chikugwira ntchito limaoneka pa batani lalitalilo, ndipo ndi bwino kuliyang'ana asanayambe kulemba.

Kwa ogwira ntchito amene amasakaniza ziyankhulo ziwirizi mu uthenga umodzi, Gboard ili ndi chosankha cha `Multilingual typing`. Chikapezeka pa chiyankhulo chimene munthu wasankha n'kuchiyatsa, kiyibodi imayerekeza liwu ndi mindandanda yonse iwiri nthawi imodzi, popanda kusinthasintha.

Ngakhale zili choncho, mndandanda wa Chichewa wa m'makiyibodi ndi waung'ono poyerekeza ndi wa Chingerezi, ndipo sutsata kalembedwe kamodzi. Ena amalemba mau pamene ena amalemba mawu, ena maina pamene ena mayina. Wogwira ntchito amene ofesi yake imatsata kalembedwe kena ayenera kuika mawu oterewo mu mndandanda wake. Mayina a Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga nawo amafunika kulowa mu mndandanda womwewo, popeza kuonjezera Chichewa sikuwateteza.

Pali zizindikiro ziwiri zofunika kusamala polemba mu mndandandawu. Choyamba ndi kamkodola ka pamwamba ka m'mawu ngati ng'ombe, pang'ono ndi m'mudzi. Liwu lotere lilembedwe lonse pamodzi ndi kamkodola kake, popanda mpata. Pa iPhone, chosankha cha `Smart Punctuation` chimasandutsa kamkodola kowongoka kukhala kopindika. Pa maso kusiyanako n'kochepa, koma makina ena osungira mayina amaona ziwirizi ngati zizindikiro zosiyana, kotero dzina ngati Ng'oma lingakanike kupezeka pofufuza. Amene amalemba mayina m'mafomu a pa lamya angachite bwino kuzimitsa chosankhachi. Chachiwiri ndi chilembo cha ŵ, chomwe pa makiyibodi ena chimapezeka pogwira w kwa kanthawi. Kwa kiyibodi, Malaŵi ndi Malawi ndi mawu awiri osiyana, choncho amene amalemba ndi ŵ ayenera kuika kalembedwe kameneko mu mndandanda wake.

Kuzimitsa mbali yokonza mawu

Munthu amene amalemba kwambiri Chichewa kapena chiyankhulo china cha m'dziko muno, ndipo kiyibodi yake ilibe chiyankhulocho, angachite bwino kuzimitsa mbali imeneyi. Pa Gboard chosankha cha `Auto-correction` chili pansi pa `Text correction`, dzina lomwe pa mitundu yatsopano lasanduka `Corrections & suggestions`. Pa iPhone chili pa `Keyboard` pomwe paja pali `Text Replacement`. Pa Samsung chimatchedwa `Auto replace`.

Pozimitsapo ndi bwino kusiya kamzere ka pamwamba kali koyaka. Potero lamya imapitiriza kuonetsa mawu amene ikuganiza, kuphatikizapo mayina aja a mu mndandanda, koma siyika kanthu pokhapokha mwini wake atasankha. Choipa chake n'chakuti zolakwika za Chingerezi sizikonzedwanso zokha. Amene amalemba malipoti a Chingerezi pa lamya ayenera kusiya mzere wofiira uja uli woyaka, womwe pa Gboard ndi `Spell check` ndipo pa iPhone ndi `Check Spelling`, kuti uziwachenjeza.

Lamya ikaphunzira zolakwika

Kiyibodi siidziwa kusiyanitsa dzina lolondola ndi lolakwika. Mlembi wa ku Dowa uja akalemba Mponera m'malo mwa Mponela kangapo n'kumakana kuti lisinthidwe, kiyibodi idzalisunga ngati liwu labwino ndipo idzayamba kulionetsa. Chizindikiro chake n'chakuti kalembedwe kolakwikako kamaoneka pa kamzere ka pamwamba ndipo mzere wofiira sutulukanso kunsi kwake.

Pa Gboard, munthu amagwira liwu lolakwikalo pa kamzereko kwa kanthawi n'kulikokera ku kachizindikiro ka bini kamene kamatuluka pamwamba. Pa Samsung ndi pa SwiftKey, kugwira liwulo kwa kanthawi kumabweretsa funso lofuna kudziwa ngati lichotsedwe. Zolakwika zikachuluka, Gboard ili ndi `Delete learned words and data` pansi pa `Privacy`, pomwe iPhone ili ndi njira iyi:

```
Settings > General > Transfer or Reset iPhone > Reset > Reset Keyboard Dictionary
```

Njira ziwiri zomalizazi zimafufuta mawu onse amene kiyibodi inaphunzira yokha, abwino ndi oipa omwe, ndipo sizibwezeka. Munthu akazigwiritsa ntchito ayenera kutsegulanso mndandanda wake kuti aone ngati mayina onse alipo, ndipo pepala lija la mayina limathandiza pa nthawi ngati imeneyi.

Pepala lomwelo limathandizanso posintha lamya. Pa iPhone, mawu a mu `Text Replacement` amatsatira mwini wake kudzera pa iCloud. Pa Gboard, timadontho titatu tomwe tili pa ngodya ya mndandandawo tili ndi `Export`, yomwe imatulutsa mawu onse m'fayilo imodzi, ndi `Import`, yomwe imawalowetsa mu lamya yatsopano. Fayilo yotere ingagawidwe kwa anthu a mu ofesi imodzi kuti onse azilemba mayina a malo ndi a ufumu mofanana.

Chenjezo lina n'lakuti mndandandawu si malo obisika. Aliyense amene wabwereka lamyayo angaone mawu ake pa kamzere ka pamwamba kapena potsegula mndandandawo. Choncho manambala a ziphaso za unzika, manambala a ku banki ndi mawu achinsinsi otsegulira makina a ofesi sayenera kulembedwamo ngati zidule.

Ngakhale mayina onse atalowa bwino, dzina latsopano limene kiyibodi sinalionepo lingasinthidwebe tsiku loyamba. N'chifukwa chake wogwira ntchito amene akutumiza mndandanda wa anthu kapena uthenga wopita kwa mafumu ayenera kuwerenga dzina lililonse asanadine batani lotumizira, kulifananitsa ndi chiphaso kapena kalata yomwe walitengapo, ndipo akapeza kuti lasinthidwa, alikonze n'kulilemba mu mndandanda wake tsiku lomwelo.